Kholo likayamba kuiwala, chenjerani ndi nthawi ya madzulo

M'makomo ambiri a mumzinda wa Zomba, kaya ku Chikanda, Chinamwali, Sadzi kapena Matawale, muli makolo okalamba amene ana awo adakawatenga kumudzi kuti azikhala nawo pafupi. Ena mwa makolowa ayamba kuiwala. Amafunsa funso limodzi kasanu, amasiya ndiwo pamoto mpaka kupserera, ndipo dzuwa likapendeka amamanga kamtolo ka zovala n'kuyamba kufuna njira ya kwawo.

Pabanja pakachitika zotere, ena amati ndi ukalamba chabe, ena amati gogo wayamba mwano, ndipo pena pamatuluka mawu oopsa akuti ufiti. Koma nthawi zambiri gwero lake ndi matenda a ubongo amene achipatala amawatcha dimenshiya. Matendawa sachizika, koma ngozi zimene amabweretsa pakhomo, monga kusochera, kupsa ndi moto ndi kumwa mankhwala molakwika, zimapeweka ndithu.

Si kuiwala konse kumene kuli matenda

Munthu akamakula amaiwala apo ndi apo. Amaiwala pamene waika makiyi, kapena dzina la mdzukulu limamuthawa kanthawi kenako n'kubwera lokha. Zimenezo si matenda. Chodetsa nkhawa ndi pamene kuiwalako kwayamba kusokoneza ntchito zimene munthu wakhala akuchita moyo wake wonse. Mayi amene waphika nsima zaka 60 akuthira ufa m'madzi ozizira n'kuima osadziwa chotsatira. Bambo amene amapita yekha kumsika wa Mpondabwino sabata iliyonse akulephera kuwerenga chenje, kapena waima pamphambano osadziwa kolowera.

Chimachitika n'chakuti tizigawo ta ubongo timafa pang'onopang'ono. Pa mtundu wofala kwambiri wa matendawa, umene udatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe adaufotokoza mu 1906, mbali imene imayamba kuwonongeka ndi yosunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake gogo amakumbukira bwino njala ya 1949 kapena tsiku la ukwati wake, koma sakumbukira kuti wadya phala mphindi khumi zapitazo. Sakunama ndipo sakukuyesani. Phalalo silidalembedwe n'komwe m'mutu mwake.

Mtundu wina umabwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo, makamaka kwa anthu amene akhala ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena sitiroko. Uwu umakonda kuyenda modumphadumpha: munthu amakhala chimodzimodzi miyezi ingapo, kenako n'kutsika mwadzidzidzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dimenshiya, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Kusokonezeka kwa mwadzidzidzi n'kothamangira nako kuchipatala

Pali kusiyana kumodzi kumene kholo lililonse ndi wodzipereka aliyense wa zaumoyo ayenera kukudziwa. Dimenshiya imabwera mozemba, pa miyezi ndi zaka. Ngati gogo anali bwino Lolemba koma Lachitatu akubwebweta, akuona zinthu zimene palibe, akungosinza masana kapena sakutha kutsatira zimene mukunena, kumeneko si kuiwala kwa ukalamba. Ndi chizindikiro chakuti m'thupi muli vuto lina limene lafika pa ubongo.

Zoyambitsa zake n'zodziwika: malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa kwa masiku ambiri, kapena kutsika kwa shuga mwa munthu amene wamwa mankhwala a shuga koma osadya. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale adwale kwambiri, choncho musadikire kutentha thupi. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati pakamwa papindika, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, kapena mawu akutuluka molemera, imeneyo ingakhale sitiroko ndipo ola lililonse ndi lofunika. Chimodzimodzi ngati adagwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale papite masabata awiri kapena atatu, chifukwa magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza.

Ngakhale kuiwala kobwera pang'onopang'ono kumafuna kukapimidwa, poti zina zimene zimafanana ndi dimenshiya zimachizika. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, makamaka munthu akaferedwa mnzake, amaiwalitsa. Kumwa mowa kwambiri, kuchepa kwa mavitamini ena, chindoko chakale ndi kachilombo ka HIV kosalandira chithandizo nazonso zimakhudza ubongo. Pena vuto limangokhala makutu: gogo sakumva, ndiye akuoneka ngati sakukumbukira.

Yambirani pachipatala chaching'ono cha pafupi, monga cha Matawale, ndipo iwo akaona kufunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Zomba. Mzindawu ulinso ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, kumene kuli akatswiri a za ubongo. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti kholo lanu lachita misala. Popita, tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, a pagolosale ndi azitsamba omwe, ndipo amuperekeze munthu amene amakhala naye tsiku ndi tsiku, wotha kunena kuti zidayamba liti ndipo zasintha bwanji. Gogo yekha adzangoyankha kuti ali bwino.

N'chifukwa chiyani zimavuta madzulo?

Osamalira odwalawa padziko lonse amadziwa chinthu chimodzi: mavuto amachuluka dzuwa likamalowa. Ubongo wodwala umakhala utatopa ndi tsiku lonse. Kuwala kukachepa, mithunzi imasanduka zinthu zoopsa, chitenje chopachika pakhomo chimaoneka ngati munthu. Nthawi yomweyo ndi imene pakhomo pamakhala piringupiringu, ana abwera kusukulu, wailesi ikulira, amayi ali kukhitchini. Komanso thupi limakumbukira kuti nthawi ngati imeneyi munthu amaweruka kumunda kapena kuntchito n'kumapita kwawo.

Ku Zomba, phiri limawonjezera vutoli. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limabisala kuseri kwa phiri msanga, ndipo madera a m'tsinde mwake kumachita mthunzi ndi kuzizira nthawi isanathe. Kukagwa chiperoni, nkhungu imatsika n'kuphimba njira. Munthu wosokonezeka akatuluka nthawi imeneyi amakumana ndi zoopsa zitatu: msewu waukulu wa M3 wodzadza ndi minibasi ndi njinga zamoto, mitsinje ya Likangala ndi Mulunguzi imene imadzaza mofulumira mvula ikagwa kuphiri, ndi tinjira totsetsereka ta m'nkhalango topita ku Ku Chawe. Wokalamba akagona panja usiku umodzi m'nyengo yozizira atavala malaya opyapyala, thupi lake likhoza kuzizira mpaka kutaya moyo.

Chitsanzo cha mayi wofuna kupita kwawo

Tiyerekeze mayi wa zaka 78 wochokera cha ku Jali, amene mwana wake wamkazi wamutengera ku Chikanda bambo atamwalira. Kuchipatala apima malungo, shuga ndi mkodzo, zonse zili bwino, ndipo anena kuti ndi dimenshiya. Kawiri konse mayiyu wapezeka kumsewu atasenza kamtolo. Banja laganiza zomutsekera m'chipinda ndi loko.

Asanatero, pali ntchito ya sabata imodzi yofuna kope ndi cholembera basi. Tsiku lililonse wina alembe zinthu zinayi: nthawi imene mayi wayamba kusakhazikika, zimene zimachitika pakhomo nthawi imeneyo, zimene wadya ndi kumwa, ndi mawu amene akunena. Tinene kuti pakutha pa sabata kopelo likuonetsa kuti masiku asanu mwa asanu ndi awiri vuto layamba pakati pa 4 ndi 5 koloko madzulo. Chakudya chomaliza chimakhala nsima ya 12 koloko. Mawu ake ndi amodzimodzi: ana ali okha, akufuna akawaphikire. Masiku awiri amene sadavute, limodzi amasankha nyemba ndi mdzukulu pakhonde, linalo kudabwera amayi a kumpingo kudzaimba naye.

Kopelo layankha kale. Mayiyu sakuthawa mwana wake. M'mutu mwake ndi mayi wa ana aang'ono amene nthawi yophika yakwana koma sali pamoto. Njala ya iye mwini ikumukumbutsa za njala ya anawo, ndipo manja ake alibe chogwira.

Choncho banja lisinthe zinthu zinayi. Cha m'ma 3 koloko mayi alandire tiyi ndi mbatata kapena nthochi, ndipo aperekezedwe kuchimbudzi, chifukwa mkodzo nawo umamusowetsa mtendere munthu amene sakutha kunena chimene chikumuvuta. Ikamakwana 4 koloko apatsidwe ntchito ya madzulo imene manja ake akuidziwa: kusadzula masamba a nkhwani, kusankha mpunga, kutongola chimanga, kupinda zovala. Nyali iyatsidwe kusanade ndipo wailesi itsitsidwe. Chomaliza, mdzukulu wamkulu aziyenda naye mphindi 20 kapena 30 m'mawa kapena masana, njira imodzimodzi tsiku lililonse, kuti miyendo ipeze zimene ikufuna kukadali kowala.

Tsiku limene wanyamulabe kamtolo, mawu oyamba a mwana wake ndiwo amagamula nkhani. Akanena kuti, “Amayi, kwanu ndi konkuno, ana anuwo ndi ifeyo, tidakula kale,” mayi amamva ngati mlendo akumutsekereza kupita kwa ana ake, ndipo amalimbana. Bwino kunena kuti, “Amayi, mwawasowa anawo eti? Amakonda ndiwo zanji? Bwerani mundithandize kaye kukonza masambawa.” Akaumirira, tulukani naye, muyende limodzi pang'ono mukucheza, kenako mukhote n'kubwerera ngati mwafika kumene mumapita. Nthawi zambiri pofika pakhomo ganizo lija limakhala litazilala.

Kopelo lipitirire sabata ina. Masiku ovuta akatsika kuchoka pa asanu kufika pa amodzi kapena awiri, mwapeza njira. Akapanda kusintha, yang'anani china: dzino likupweteka, msana, kudzimbidwa, kapena munthu wina pakhomo amene amamukalipira. Ndipo zimene zathandiza chaka chino mwina chaka chamawa sizidzathandiza, poti matendawa amapitirira.

Njira yomweyi imagwira kwa abambo. Zomba idali likulu la dziko lino mpaka mu 1975, ndipo mumzindawu muli madoda ambiri amene adagwira ntchito m'boma, kupolisi kapena ku Cobbe Barracks. Bambo wotere akavala jekete mbandakucha kuti akuchedwa kuntchito, kumukumbutsa kuti adapuma zaka 20 zapitazo kumangomuchititsa manyazi. Mufunseni za ntchitoyo, mumupatse tiyi, mumupatse kantchito kosanja mapepala kapena kuthirira mbewu.

Loko si yankho

Kutsekera wodwala yekha m'chipinda, kapena kumumanga ndi chingwe, kumawonjezera mantha ndi ukali. Amayesa kutulukira pawindo n'kuthyoka, ndipo moto ukabuka sangathe kudzipulumutsa. Chofunika si kumutsekera koma kuti muzimva akamatuluka. Mangani kabelu kapena zitini zokhala ndi timiyala pachitseko. Ikani chotsekera china pamwamba penipeni pa chitseko, pamene maso ake safikapo, koma chizitsekedwa pokhapokha m'nyumbamo muli munthu wamkulu. Katani yophimba chitseko chotulukira imathandizanso, chifukwa chimene sakuchiona sichimukopa. Nsapato zoyendera, chikwama ndi ndodo ya paulendo zisakhale pafupi ndi khomo.

Usiku ambiri amasochera pofuna chimbudzi. Ngati chimbudzi chili panja, ikani ndowa yokhala ndi chivindikiro pafupi ndi pogona ndipo musiye kanyali ka sola kakuyaka, osati kandulo kapena koloboyi. Pabowo la chimbudzi chokumba pakhale potsekeka, ndipo chitsime chilichonse pakhomo chikhale ndi chivindikiro cholemera.

Konzekeraninso tsiku limene adzatuluke ndithu. Sokererani kansalu mkati mwa malaya, chitenje ndi jekete zimene amavala kawirikawiri, kolembedwa dzina lake, dera limene akukhala ndi nambala ziwiri za foni. Kapepala ka m'thumba kamatayika kapena kuchapidwa. Mujambuleni chithunzi pafoni miyezi ingapo iliyonse. Kenako chitani chinthu chimene mabanja ambiri amachita nacho manyazi: uzani anthu. Aneba, mwini okala ya pakona, anyamata a kabaza pasiteji, amfumu kapena atcheya a m'dera, a chitetezo cha m'mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo, onsewa adziwe kuti gogo uyu akudwala matenda oiwala ndipo akamuona yekha amuchedwetse ndi macheza n'kuimba foni.

Akasowa, musadikire kuti kuche

Mukazindikira kuti gogo palibe, yang'anani kaye m'nyumba monse, kubafa, kuchimbudzi, kuseri kwa nyumba ndi m'munda. Munthu mmodzi atsale pakhomo ndi foni. Ena agawane njira, ndipo oyamba athamangire kumene kuli imfa: kumtsinje, kumsewu waukulu, kuzitsime ndi m'ngalande. Ena alowere njira yopita kumudzi kwake, kutchalitchi kapena kumzikiti kwake, kuntchito kwake kwakale ndi kudepoti. Ambiri amapezeka pafupi ndi kwawo, koma yang'anani ndi m'tchire momwe, poti munthu wotere akasochera amatha kukhala pansi m'mapesi kapena m'thengo osayankha ngakhale mukumuitana dzina.

Pakatha mphindi 15 kapena 20 osamupeza, dziwitsani apolisi ndi atsogoleri a m'dera, ndipo tumizani chithunzi chija kwa a kabaza ndi a minibasi. Nenani zimene wavala ndi chilankhulo chimene amamva bwino. Okalamba ena a kuno matendawa akakula amabwerera ku Chiyao kapena Chilomwe cha paubwana wawo, ndipo Chichewa chimayamba kuwathawa.

Changu chili ndi chifukwa chinanso. Wokalamba wopezeka mbandakucha pakhomo pa eni, atavula kapena akulankhula zosamveka, ena amathamangira kunena kuti wagwa pandege ya ufiti. Akamufunsa mwaukali amatha kuvomera chilichonse, chifukwa sakumvetsa funso. Dziko lino lidaonapo kumene mphekesera zotere zimathera: mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Inu odzipereka a zaumoyo, mukamva kuti kwapezeka gogo wachilendo, fikanipo msanga, mumufunditse, mumukhazike pansi, muyang'ane m'zovala ngati muli dzina, ndipo muitane apolisi gulu lisanakule.

Akapezeka musamukalipire. Mufunditseni, mumupatse chakumwa chofunda ndi chakudya, muone mapazi ndi mutu ngati wavulala. Ngati akunjenjemera kwambiri, akusinza modabwitsa kapena sakutha kuponda, pitani naye kuchipatala.

Moto, mbaula ndi mabotolo

M'nyumba, mdani wamkulu ndi moto. Gogo amaiwala kuti mbaula ili ndi moto, amakhala moyandikira mpaka chitenje kugwira, ndipo khungu lokalamba limapsa msanga. Asamaothe kapena kuphika yekha. Izi sizikutanthauza kumuchotsa kukhitchini. Akhalepo, akonze ndiwo, alawe mchere, koma wogwira mphika pamoto akhale wina. Machesi abisidwe, ndipo ngati mumaphikira magetsi kapena gasi, zimitsani pa swichi yaikulu kapena tsekani pa silinda mukamachoka.

M'nyengo yozizira musalowetse mbaula m'chipinda chogona n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo munthu amangogona osadzukanso. Bulangete lachiwiri, chipewa ndi masokosi n'zokwanira. Akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta.

Yenderaninso nyumba ndi maso a munthu amene satha kusiyanitsa zinthu. Palafini wa m'botolo la zakumwa amaoneka ngati madzi. Feteleza woyera amafanana ndi mchere kapena shuga. Mankhwala a anankafumbwe, a makoswe ndi a m'dimba akhale m'bokosi lokhoma, kutali ndi chakudya. Akamwa palafini kapena mankhwala otere musamusanzitse. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botololo.

Mankhwala ake enieni asakhale m'manja mwake. Woiwala amamwa kawiri kapena osamwa n'komwe, ndipo mapiritsi a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi akamwedwa kawiri akhoza kumugwetsa. Munthu mmodzi yekha pakhomo ndiye azipereka, aone kuti wameza, n'kuchonga pakalendala. Musamugulire piritoni kapena mapiritsi ena ogonetsa kuti agone, chifukwa kwa okalamba mankhwalawa amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa. Ngakhale mankhwala oziziritsa ukali amene achipatala amapereka ali ndi zoopsa zake kwa odwala dimenshiya, choncho amaperekedwa pang'ono, kwa nthawi yochepa, njira zina zikakanika. Mukaona kuti akumuumitsa thupi kapena kumugonetsa tsiku lonse, bwererani nawo.

Kugwa nako kumapha mochedwa. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri sadzukanso. M'madera otsetsereka a m'tsinde mwa phiri, masitepe a pakhonde ndi njira ya kubafa zimatereka ndi ndere nthawi ya mvula. Palani nderezo, mangani kamtengo kogwirira, chotsani mikeka yopindika ndi zingwe pansi, ndipo posamba akhale pampando.

Kulankhula ndi munthu amene sakumbukira

Kudekha kumene kumafunika apa kuli ndi njira zake. Mufikireni kutsogolo, osati kumbuyo. Khalani pansi kuti maso akumane, ndipo dzitchuleni: “Agogo, ndine mdzukulu wanu, ndabwera ndi phala.” Musamuyese ndi mafunso akuti “Ndine ndani?” pamaso pa alendo. Nenani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo dikirani yankho ngakhale lichedwe. M'malo mofunsa kuti adya chiyani, muonetseni ziwiri asankhe.

Akafunsa funso lomwelo kachisanu, kwa iye ndi koyamba. Yankhani mwachidule ngati poyamba, kenako mupatseni chochita. Akafunsa za mwamuna wake amene adamwalira kalekale, kumuuza za maliro tsiku lililonse n'kumuliritsa maliro atsopano tsiku lililonse. Mukhoza kungoti, “Mwawakumbuka bambo? Mudakumana kuti paja?” n'kumusiya afotokoze.

Chopweteka kwambiri ndi kunamiziridwa kuba. Gogo amabisa ndalama pansi pa matiresi, amaiwala, ndiye amaloza amene ali pafupi, kawirikawiri mpongozi kapena mdzukulu amene amamusamalira kwambiri. Musadziteteze ndi mkangano. Nenani kuti, “Pepani, tiyeni tifunire limodzi,” ndipo phunzirani malo ake obisa, poti amakhala awiri kapena atatu omwewo. Achibale akutali auzidwe msanga kuti ichi ndi chizindikiro cha matenda, asadzamve pafoni kuti “akundibera” kapena “sakundipatsa chakudya” n'kuyambitsa milandu. Komabe madandaulo otere musawataye osayang'ana, chifukwa alipo okalamba amene amaberedwadi ndi kuzunzidwa. Chiphaso cha unzika, khadi la kubanki ndi mapepala a malo zisungidwe ndi munthu amene banja lonse lagwirizana, ndipo ndalama zolowa ndi zotuluka zizilembedwa. Gogo asiyiridwe kandalama kochepa m'kachikwama kake kuti mtima ukhale pansi.

Posamba sungani ulemu wa kwathu. Bambo asambitsidwe ndi mwamuna mnzake, mayi ndi mkazi mnzake, madzi akhale ofunda, nthawi ikhale ya dzuwa, ndipo chitenje chiphimbe mbali imene simukusambitsa. Akakana, musiyeni, mudzayesenso pakapita ola. Madzi akumwa muzimupatsa m'manja kangapo pa tsiku, chifukwa ludzu salimva kapena salinena.

Wosamalira naye ndi munthu

Matendawa amatenga zaka, ndipo kumapeto wodwala amafuna kudyetsedwa, kusambitsidwa ndi kutembenuzidwa pogona. M'mabanja ambiri mtolo wonse umagwera mwana wamkazi mmodzi, kapena mdzukulu amene amasiyitsidwa sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Banja likhale pansi ligawane ntchito motchula maina ndi masiku: uyu Loweruka, uyu usiku wa Lachitatu, wa ku Lilongwe kapena ku Joni atumize ya sopo, matewera ndi thiransipoti ya kuchipatala.

Pewani kugawana poyendetsa gogo, mwezi uno ku Zomba, mwezi wamawa ku Blantyre. Kusamuka kulikonse kumamusokoneza, ndipo masabata oyamba pamalo atsopano ndi amene amasochera kwambiri. Osamalira ndiwo aziyenda, gogo akhale pamodzi.

Inu odzipereka, mukafika pakhomo lotere musafunse za gogo yekha. Funsani wosamalira kuti wagona maola angati, ndipo adachokapo liti pakhomopo. Akanena kuti wayamba kumukalipira, kumukankha kapena kumutsekera, kapena kuti iye mwini akungolira ndipo sakudya, musamuweruze. Pezani woti amulandire masiku angapo sabata yomweyo, kudzera kwa achibale, kumpingo kapena kumzikiti, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti onse awiri aonedwe kuchipatala.